Dashibodi ya kampeni yotsatsa malonda: poyambira ndi matchati oyenera kuwasamala

Tiyambe tamvana kaye, chifukwa kuno kwathu munthu akamva mawu akuti kampeni amaganiza za misonkhano ya ndale. Kampeni imene tikunena pano ndi yotsatsa malonda pa intaneti, imene mumalipira ndalama kuti uthenga wanu uoneke pa Facebook, Instagram kapena Google. Dashibodi ndi tsamba limene limakuonetsani mmene ndalamazo zikuyendera. Kwa Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, tsambali lili mu Ads Manager.

Mukalitsegula koyamba mutu umazungulira. Manambala ali mbwee, mizere ina ikukwera ina ikutsika. Musade nkhawa, ambiri mwa iwo simuwafuna. Ine ndimayendetsa zotsatsa za shopu ina yogulitsa nsapato za ana asukulu ku Limbe, ndipo pa tsiku ndimayang'ana zinthu zochepa chabe. Ndigwiritsa ntchito sabata imodzi ya shopuyi monga chitsanzo.

Musanayang'ane tchati chilichonse, onani masiku amene mwasankha pakona yakumanja kumwamba. Anthu ambiri amakangana ndi abwana awo chabe chifukwa wina akuwerenga za masiku 7, mnzake za masiku 30. Kenako onani `Amount spent`, ndalama zimene zapita kale. Ife tinaika madola 5 pa tsiku, ndiye pa sabata zinakwana madola 35. Akaunti yathu imalipira m'madola pomwe nsapato timagulitsa m'makwacha, choncho ndimalemba mtengo wa dola wa sabata imeneyo pambali. Amene ankatsatsa mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake: dashibodi inkaonetsa manambala omwewo, koma m'thumba munkatuluka zambiri.

Tchati choyamba, chimenenso ndi chachikulu pa onse, ndi cha `Cost per result` tsiku ndi tsiku. Chimakuuzani kuti chinthu chimodzi chimene munapempha chikukudyerani zingati. Apa mawu ofunika ndi akuti "chimene munapempha". Mukauza makina a Facebook kuti mukufuna anthu okonda positi yanu, adzakupezerani anthu otero ambirimbiri motchipa, koma palibe adzabwere kudzayesa nsapato. Ife tinasankha kuti anthu azitilembera pa WhatsApp, ndiye pansi pa `Results` pankawerengedwa anthu amene ayamba kucheza nafe. Anakwana 50. Kuwerengera kwake nkosavuta:

```
Cost per result = Amount spent / Results
35 / 50 = 0.70
```

Munthu mmodzi wotilembera anatidyera masenti 70 a dola. Kaya nzotchipa kaya nzodula, zimenezo dashibodi singakuuzeni. Zimatengera phindu limene mumapeza pa peyala imodzi. Chimene tchatichi chimathandiza ndi kuona kolowera. Mzere ukamakwera pang'onopang'ono kwa masiku anayi kapena asanu otsatizana, pali chimene chasintha. Koma ukadumpha tsiku limodzi lokha, usiyeni. Ndi madola 5 pa tsiku, anthu atatu okha akapanda kulemba, mwina magetsi anazima ku Ndirande mafoni nkuthera moto, mzerewo umaoneka ngati phiri la Soche. Oyamba kumene amathamangira kusintha chithunzi, mawa bajeti, mkuja malo. Kuteroko nkuvundukula mphika nyemba zisanapse. Kampeni yatsopano imayamba ndi nthawi imene makina amaphunzira kuti uthenga wanu auonetse kwa ndani, ndipo pa `Delivery` pamalembedwa `Learning`. Meta imati pamafunika zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti nthawiyi ithe, ndipo mukasintha zinthu zikuluzikulu kuphunzirako kumayambiranso.

Mtengo ukakweradi, pitani pa `Frequency`. Nambala iyi imanena kuti munthu mmodzi waona uthenga wanu kangati. `Impressions` ndi kuchuluka kwa nthawi zimene uthenga waonekera, `Reach` ndi kuchuluka kwa anthu amene auona. Ife tinali ndi 24,000 ndi 8,000, kutanthauza katatu pa munthu aliyense. Mukatsekera kampeni mu Blantyre mokha, nkuwonjezera kuti ione makolo a zaka zakutizakuti basi, gulu limachepa ndipo anthu omwewo amaona chithunzi chomwecho mpaka kutopa nacho. Ikani `Frequency` ndi `Cost per result` pa tchati chimodzi. Zikamakwerera limodzi, sinthani chithunzi kapena kulitsani dera, mwina mpaka ku Lunzu ndi ku Chileka ngati katundu mungamutumize pa minibasi.

`CTR` imathandiza pa funso limodzi lokha: mwa zithunzi ziwiri, chikukopa anthu ndi chiti? Ndi chiwerengero cha kudina pa 100 iliyonse ya `Impressions`. Ife kudina 360 pa 24,000, ndiye 1.5 peresenti. Sankhani `CTR (link click-through rate)`, osati `CTR (all)`, chifukwa yachiwiriyi imawerengera ngakhale amene anangokulitsa chithunzi.

Tsopano tchati chimene simudzachipeza chokonzakonza, ndipo muyenera kuchijambula nokha. Ndi makwerero a kasitomala: oona, odina, olemba uthenga, olipira. Masitepe atatu oyambawo ali pa dashibodi. Lachinayi mulibe, popeza makasitomala athu amalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ndi kashi pa kauntala, kumene Facebook siona. Achemwali amene amakhala pa kauntala ali ndi kope, ndipo aliyense wogula amamufunsa kuti, "Mayi, mwatidziwira kuti?" Sabata imeneyo, mwa anthu 50 aja, ogula anali 10. Ndiye mtengo weniweni wa kasitomala mmodzi unali madola 3.50, osati masenti 70 aja. Nambala iyi ndi imene eni shopu amandifunsa Lolemba lililonse.

Makwererowa amalozanso pamene pakudontha. Odina 360 koma olemba 50: ambiri amatsegula WhatsApp nkubwerera osatumiza kanthu. Olemba 50 koma ogula 10: titawerenga mauthengawo tinapeza kuti ochuluka ankafunsa mtengo usiku, ife nkuyankha mawa masana, munthu atagula kale kaunjika mu msika wa Limbe. Vuto silinali kampeni ayi. Tinalemba mtengo pa chithunzi pomwe, ndipo foni ya shopu inayamba kupita kunyumba ndi mmodzi wa ife.

Kamodzi pa sabata dinani `Breakdown` kuti muone ndalama zikupita kwa anthu a misinkhu iti komanso uthenga ukuonekera pati. Gawo lina likamadya ndalama popanda zotsatira kwa milungu iwiri, lichotseni. Tsiku ndi tsiku musavutike nazo, manambala ake amakhala ochepa kwambiri moti sangakuuzeni zoona.

Nanga za okonda positi, otsatira peji, oonera vidiyo masekondi atatu? Zimasangalatsa mtima, ndipo abwana ena amazikonda mu lipoti. Ine ndinazibisa: pitani pa `Columns`, sankhani `Customize columns`, musiyemo zisanu ndi chimodzi zokha, `Amount spent`, `Results`, `Cost per result`, `Reach`, `Frequency` ndi `CTR`, kenako musunge kuti mawa mudzazipeze chomwecho.

Poyerekeza masabata, samalani kalendala ya mumzinda muno. Sabata ya malipiro, kumapeto kwa mwezi, siingafanane ndi ya pakati pa mwezi anthu atauma m'matumba, ndipo kwa ife a nsapato, masiku oyandikira kutsegulira sukulu ndi nyengo yakeyake. Yerekezani mapeto a mwezi uno ndi mapeto a mwezi watha, ndipo mu kope lija muzilemba deti pamwamba pa tsamba lililonse kuti ligwirizane ndi masiku a pa dashibodi.