Chithunzi cha tisheti ya operekeza alendo kuphiri la Mulanje

Achimwene, mutijambulire chithunzi chimodzi choti tikadinditse pachifuwa pa matisheti 40 a ife operekeza alendo ndi onyamula katundu kuno ku Likhubula. Matisheti ake ndi oyera, a thonje.

Pakati pakhale mtengo umodzi wa mkungudza wa Mulanje, ndipo nkhani yagona pamenepa. Chonde musatijambulire paini kapena kamtengo kosongoka ka pa Khirisimasi kaja. Paini anachita kubwera naye kuphiri kuno, pomwe mkungudza, Widdringtonia whytei, ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse. Tikufuna wokalamba, wa thunthu lalikulu lamakungwa ong'ambikang'ambika, lopanda nthambi mpaka m'mwamba, kenako nthambi zotambasuka ngati denga, ndere zikulendewera. Mitengo yotere ambiri mwa anyamata athu sanaionepo itaima, anangopeza zitsa, n'chifukwa chake tikufuna kuuvala pamtima.

Kumbuyo kwa mtengowo kuoneke nsonga ya Sapitwa, miyala yokhayokha, kamtambo kamodzi kataikuta m'chiuno monga zimakhalira nthawi ya chiperoni. Pansi mulembe ndi zilembo zonenepa, zowerengeka munthu ali patali: SAPITWA 3,002 m. Musaonjezere mawu ena.

Mitundu ikhale itatu basi: wakuda #000000 wa mizere ndi zilembo, wobiriwira #1B5E20 wa masamba, ndi wotuwa #8A8D8F wa miyala. Wodinda wathu amagwiritsa ntchito sikirini, mtundu uliwonse sikirini yakeyake, ndiye mukaonjezera wachinayi mwationjezeranso mtengo wolipira. Mtundu uliwonse ukhale wofanana paliponse, wosazilala pang'onopang'ono, malire ake akuthwa. Mzere usachepere 1 mm, chifukwa timizere topyapyala sitituluka bwino pansalu.

Chithunzicho chiime pachokha pamalo oyera mbee, #FFFFFF. Pasakhale thambo, dzuwa, minda ya tiyi, mthunzi, bokosi lozungulira kapena chizindikiro chanu m'mbali. Musachiike pa tisheti kapena pa munthu wovala kuti tione mmene chidzaonekere. Ulendo wapitawu wina anatitumizira chotero, wodinda n'kutha tsiku lonse akuchotsa makwinya a nsalu, masamba ena n'kudukira momwemo. Kamtambo kaja musakapake inki yoyera, mungokazinga ndi mzere wakuda, mkati mwake mudzaoneka nsalu.

Kukula kwake 28 cm m'mbali ndi 34 cm kutalika, chilichonse chili pakati, musiye mpata wa 2 cm mbali zonse kuti nthambi zisadulidwe. Mutumize mafailo awiri: PNG ya 300 dpi yopanda chilichonse kumbuyo, ndi SVG yomwe zilembo zake mwazisandutsa mizere. Musawatumize ngati chithunzi pa WhatsApp, amachepetsedwa, atumizeni ngati dokyumenti. Wodinda akuwafuna Lachisanu m'mawa.