Gawo 6: Kuunika zotsatira za ntchito yoyeza g ndi pendulamu

Kuchokera pa galafu ya T² ndi L, pomwe T ndi nthawi ya ulendo umodzi wa pendulamu wopita ndi kubwerera ndipo L ndi utali wa pendulamuyo, mzere wathu unapendekeka ndi 4.15 s²/m, ndipo pogwiritsa ntchito T² = 4π²L/g tinapeza g = 9.51 m/s². Nambala ya g imaonetsa mmene liwiro la chinthu chakugwa limawonjezekera chifukwa cha kukoka kwa dziko. Mabuku ambiri amalemba 9.81, koma kuno ku Lilongwe, poti tili kufupi ndi ikweta komanso pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000, g ndi 9.78. Ndiye kuti yankho lathu laperewera ndi 0.27, omwe ndi maperesenti 2.8. Kupereweraku sikunangochitika mwangozi. Zolakwika zikuluzikulu zonse zimene ndapeza zikukokera yankho mbali imodzi, yotsika.

Vuto lalikulu linali kukoka kampira kachitsulo patali kwambiri tisanakasiye. Fomula ija imagwira bwino pamene pendulamu ikulendewera pang'ono, osapitirira madigiri 10. Ife tinalibe pulotakita, tinkangoyerekeza ndi maso. Titamaliza ndinabwereka ya gulu loyandikana nafe n'kukokanso kampira monga tinkachitira, ndipo inaonetsa madigiri 20. Pamenepo T imatalika ndi maperesenti 0.8, ndipo popeza T timaichulukitsa ndi iyo yomwe, g imatsika ndi maperesenti 1.5. Theka la kuperewera kwathu lachokera apa. Tinkakoka patali dala kuti kuwerenga kusavute, osadziwa kuti tikudziwonongera tokha.

Ulusi nawo unatipusitsa. Unali wathonje, wosokera zovala, ndipo tinauyeza utagona patebulo. Titamangirira kampira n'kuupachika, wa mita imodzi uja unatamuka kufika 1.008 m. Izi zinatsitsanso g ndi maperesenti 0.8.

Cholakwika china chikuoneka pagalafu pomwe. Mzere sukudutsa pa ziro, ukudula pa 0.05 s². Tinayeza ulusi kulekeza pamwamba pa kampira m'malo mofika pakati pake, pomwe kampirako n'kotambalala masentimita 2.4, choncho L iliyonse inaperewera ndi masentimita 1.2. Mwayi wake, kuperewera kofanana pa miyezo yonse kumangosuntha mzere koma sikusintha kupendekeka kwake, motero g sinakhudzidwe. Tikanawerengera g pa ulusi wa 0.20 m wokha, cholakwika chomwechi chikanafika maperesenti 6.

Za sitopuwotchi sindikudandaula nazo kwambiri. Chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira ndi masekondi pafupifupi 0.2, koma tinkayeza maulendo 20 nthawi imodzi, katatu pa utali uliwonse. Pa 1.00 m tinapeza masekondi 40.9, 41.0 ndi 41.1, ogwirizana bwino. Pa 0.20 m ndi pomwe panavuta, chifukwa kampira kamathamanga moti pakamwa sipatha kutsatira bwino. Tinapeza 18.6, 18.9 ndi 17.8. Muyeso wa 17.8 sindinauike mu avareji, ndipo chifukwa chake ndi ichi: ukufanana ndendende ndi maulendo 19. Wowerenga anati "imodzi" pomwe kampira kankasiyidwa, m'malo moyamba ndi ziro. Titabwereza tinapeza 18.8. Mphepo yolowera pazenera losweka magalasi inkapangitsa kampira kuzungulira nthawi zina, ndipo tikaona choncho tinkayambiranso.

Kodi zotsatirazi n'zodalirika? Mfundo yoti T² imakula molingana ndi L ndikuikhulupirira, chifukwa madontho onse asanu ali pamzere kapena pafupi nawo kwambiri. Nambala ya 9.51 ndiyo sindingaiikire kumbuyo. Kugwirizana kwa miyezo yobwereza kukungoonetsa kuti tinkachita chimodzimodzi nthawi zonse, kuphatikizapo kulakwitsa chimodzimodzi. Ngakhale tikanabwereza ka 10, madigiri 20 aja ndi ulusi wotamuka zikanatipatsabe yankho lotsika.

Pobwereza ntchitoyi, choyamba ndingamate pulotakita pamwamba pa sitandi kuti tisapitirire madigiri 10. Pulotakita ikasowa, rula ikwanira: pa ulusi wa mita imodzi, kampira kasakokedwe kupitirira masentimita 17 kuchokera pakati. Ulusi ukhale wosatamuka, upanidwe pakati pa timatabwa tiwiri kuti poyambira paoneke bwino, ndipo uyezedwe uli chilendewere, kufika pakati pa kampira. Ndingaimikenso pensulo pansi, pomwe kampira kamaima kakakhala phee, kuti nthawi iziyamba ndi kuthera pamene kakudutsa pamenepo, chifukwa kumapeto kwa ulendo kamachedwa ndipo diso silidziwa bwino pomwe katembenukira. Utali wa 0.20 m ndingausiye, n'kuyamba pa 0.40 m mpaka 1.40 m, sitandi itaikidwa m'mphepete mwa tebulo ndi kutsamiritsidwa ndi njerwa kuti isagwedezeke.