Kalata Yopereka Maakaunti a Ulamuliro

Wokondedwa Bwana Manijala,

Monga mukudziwa, ndikusiya ntchito Lachisanu likudzali. Maakaunti ndi mphamvu zili m'munsizi zikufunika mwini wake ndisanachoke.

Chachikulu kwambiri ndi Microsoft 365. Ndine ndekha amene ndili ndi udindo wa Global Administrator, ndipo nambala zotsimikizira polowa zimabwera pa foni yanga. Mukangotseka akaunti yanga musanaike wina, palibe amene adzathe kutsegulira imelo wantchito watsopano kapena kusintha pasiwedi ya munthu. Chonde sankhani anthu awiri pofika Lachitatu. Mmodzi yekha ayi, taona kale mmene zinavutira nditagonekedwa m'chipatala chaka chatha.

Mu Active Directory, dzina langa lichotsedwe m'gulu la Domain Admins, mulowe wachiwiri wanga. Koma samalani: ntchito yosunga makope a mafayilo usiku, ya 11 koloko ija, ikuyendabe pa akaunti yanga. Ndinkati ndikonza, nthawi inandithera. Isamutsidwe ku akaunti ya `svc-backup`, apo ayi idzaleka mwakachetechete.

Pa maseva awiri a Linux, chotsani kiyi yanga ya SSH mu `authorized_keys`, musinthenso pasiwedi ya `root`. Mapasiwedi a rauta, VPN ndi makamera ali mu envelopu yomata mu sefa ya kwa akauntanti. Asinthidwe onse, poti ndimawadziwa pamtima.

Kukampani yotipatsa intaneti analemba ine ngati wolankhula nawo. Akufuna kalata yosainidwa ndi inu kuti asinthe dzinalo.

Ine wanu,
Woyang'anira Makompyuta ndi Maseva