Kwa a Chisomo ndi a Mabvuto, za ukwati wanu

Okondedwa a mlamu,

Muli bwanji ku Lusaka? Ife kuno ku Chipata tili bwino, ana nawonso ali gwa.

Kalata yotiitana ku ukwati wanu tinailandira, ndipo tsiku limenelo m'nyumba munali nthungululu. Amake Tiyanjane mpaka anavina pakhonde, poti a Chisomo anawalera okha kuyambira ali kamwana.

Koma ndi mtima wosweka ndikukudziwitsani kuti sitidzatha kubwera. Tinakhala pansi usiku n'kuwerengera ndalama ya basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, chakudya cha panjira, ndi pogona. Inu mukudziwa kutalika kwa msewu wa Great East, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba mpaka kuwoloka Luangwa. Ndalama ya mtedza imene tinkadalira yapita ku feteleza ndi fizi ya Tiyanjane, ndipo kukongola kuti tidzavutike pambuyo pake taona kuti sikungatithandize. Chonde musatiganizire molakwa. Mukadachitira pafupi, ngakhale ku Katete, tikadafika m'mamawa kudzathandiza kusonkha moto.

Kamphatso kathu tidzatumiza pafoni sabata ya ukwati, kuti pa perekaniperekani dzina lathu limveke. Thumba la mpunga wa ku Chama tidzapatsira a malume akamanyamuka.

Mulungu adalitse banja lanu, mukhale omverana ndi opirirana. Mukadzabwera kudzaona makolo, mudzafike kwathu, nkhuku yanu tasunga. Zithunzi musaiwale kutitumizira.

Ndine mlamu wanu,
Yohane Phiri