Ndondomeko Yoperekera Malikisi pa Mtsutso wa Ophunzira

Mutu wa mtsutso ndi wakuti "Ntchito yokalembera kunyumba ithetsedwe m'sukulu za sekondale." Mbali yovomereza ndi mbali yotsutsa zili ndi olankhula atatuatatu, ndipo aliyense wapatsidwa mphindi 5. Oweruza atatu apereke malikisi payekhapayekha, osafunsana, ndipo malikisi onse a gulu ndi 100. Woweruza asiye pakhomo maganizo ake pa mutuwu, pakuti chikuyesedwa ndi zimene ophunzira anena pamaso pake.

1. Mfundo ndi umboni (malikisi 40)

Gulu lilandire malikisi 31 mpaka 40 ngati lamasulira mutu momveka, ndipo mfundo iliyonse yabwera ndi chifukwa chake pamodzi ndi umboni umene wolankhula angathe kutchula kumene wautenga. Lilandire 16 mpaka 30 ngati mfundo zake n'zomveka koma zina zangotchulidwa popanda chozichirikiza. Gulu losochera pa mutu, kapena longobwereza mfundo imodzi m'mawu osiyanasiyana, lisapitirire 15. Mfundo ziwiri zofotokozedwa mpaka pamapeto ziposa zisanu ndi imodzi zongokhudzidwa pamwamba.

2. Kuyankha mfundo za mbali inayo (malikisi 30)

Apa oweruza atchere khutu kwambiri, chifukwa mawu oloweza kunyumba sathandiza wophunzira amene sanamvetsere mnzake. Malikisi 21 mpaka 30 ndi a gulu limene labwereza mfundo ya anzawo mokhulupirika, monga momwe yanenedwera, kenako n'kuonetsa pamene yafooka. Mwachitsanzo, ovomereza akanena kuti ntchitoyi imalanda ophunzira nthawi yopuma, otsutsa ayankhe za nthawiyo ndithu, kapena aonetse kuti vuto ndi kuchuluka kwa ntchitoyo osati kupezeka kwake. Gulu loyankha mfundo zing'onozing'ono n'kuzemba yaikulu lilandire 11 mpaka 20. Lopotoza mawu a anzawo kuti liwagonjetse mosavuta lisapitirire 10, ngakhale omvera ataomba m'manja. Kunyoza munthu m'malo motsutsa mfundo yake kuchotsetse malikisi 5 nthawi iliyonse.

3. Mgwirizano wa gulu (malikisi 10)

Olankhula agawane mfundo, wachiwiri apitirize pamene woyamba wasiyira, ndipo wachitatu amange zonse pamodzi osabweretsa mfundo yatsopano, popeza mbali inayo singapezenso mpata woiyankha. Akatsutsana okhaokha, gulu lisapitirire 4.

4. Kalankhulidwe (malikisi 20)

Mawu amveke mpaka kumpando wakumbuyo, wolankhula ayang'ane omvera, ndipo pepala lake likhale longomukumbutsa. Gulu lochita zonsezi lilandire 15 mpaka 20, ndipo longowerenga lisapitirire 10. Kukuwa kusawonjezere malikisi, ndiponso wachibwibwi asachotseredwe kanthu chifukwa cha chibwibwicho. Zonenedwa belu lomaliza litalira zisawerengedwe.

Magulu akafanana malikisi, lipambane limene lapeza ambiri pa gawo lachiwiri.