Dandaulo la pa ntchito: kalata yochenjeza ya pa 15 Meyi ndi maola a ovataimu osalipidwa

Kupita kwa: Mkulu wa nthambi yoona za ogwira ntchito
Kuchokera kwa: Kalaliki wolandira katundu, nambala ya ntchito 0472
Tsiku: Lolemba, 19 Meyi 2025

Olemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalatayi kuti ndipereke dandaulo motsatira gawo 11 la buku la malamulo a ogwira ntchito. Ikulowa m'malo mwa imelo imene ndinakutumizirani usiku wa Lachinayi, pa 15 Meyi. Ija ndinailemba mtima uli m'mwamba, ndipo munali mawu onena zimene ndinkaganiza kuti zili mumtima mwa a supavaiza anga. Zamumtima mwa munthu sindingazidziwe, choncho mawu amenewo ndawabweza. Ndikupempha kuti muunike nkhani yanga potengera kalata ino yokha.

Ndinayamba ntchito kuno mu Ogasiti 2021 ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndili kunyumba yosungiramo katundu. Nkhani zanga ndi ziwiri: kalata yochenjeza imene ndinalandira pa 15 Meyi, ndi maola 11 a ovataimu amene sanaoneke pamalipiro anga.

Ndiyambe ndi kalata yochenjeza, chifukwa ndi imene yalowa m'fayilo yanga.

Lachisanu pa 9 Meyi ndikuweruka, ndandanda ya mashifiti a sabata yotsatira inali itakhomedwa pabolodi pafupi ndi khomo la ofesi yathu. Inasonyeza kuti Lolemba pa 12 Meyi ndilowa 10 koloko m'mawa. Ndinaijambula ndi foni monga ndimachitira Lachisanu lililonse, ndipo chithunzicho chikusonyeza nthawi ya 4:41 madzulo. Lamulungu pa 11 Meyi, nthawi ya 9:47 usiku, a supavaiza anatumiza uthenga pagulu lathu la WhatsApp wonena kuti lole ina ifika m'mamawa, choncho ine ndilowe 7 koloko. Nthawi imeneyo ndinali nditagona kale. Uthengawo ndinauwona Lolemba nthawi ya 6:50 m'mawa. Pa 6:55 ndinawaimbira foni koma sanayankhe. Pa 6:58 ndinawalembera uthenga wowadziwitsa kuti ndangowona kumene za kusinthako ndipo ndikunyamuka. Makina apageti akusonyeza kuti ndinalowa 8:35.

Nditafika ndinapeza lole ija ikudikira, ndipo anandiuza kuti inafika cha m'ma 7:15. Ndikudziwa kuti lole ikaima nthawi yaitali chonchi kampani imatha kulipitsidwa ndalama yodikirira, ndiponso madalaivala ena amatsekerezedwa pamzere. Sindikuchepetsa vuto limene linalipo m'mawa umenewo. Tinayamba kutsitsa katundu 8:45 ndipo lole inatuluka 10:20.

Tili pamalo otsitsira katunduwo, a supavaiza anandilankhula pamaso pa anzathu atatu ndi dalaivala wa lole. Mmene ndikukumbukira, anati: "Ngati ntchito yakutopetsani, nenani, pali ambiri akuifuna." Mwina mawu amodzi kapena awiri ndasemphanitsa, ndipo anzathu amene analipo angathe kunena zimene iwo anamva. Sindinawayankhe, ndinangopitiriza kuwerenga makatoni. Ndikutchula zimenezi chifukwa ndi kulankhulana kokhako kumene kunachitika pakati pa ine ndi iwo pankhani ya kuchedwayi kalata isanalembedwe.

Lachinayi pa 15 Meyi, cha m'ma 3 koloko masana, ndinapatsidwa kalata yochenjeza. Kalatayo ikuti ndinachedwa ndi ola limodzi ndi mphindi 35, ndiponso ikuti ndinachedwa "osadziwitsa aliyense". Ikunenanso kuti chenjezoli likhala m'fayilo yanga kwa miyezi 12. Ndinasaina, koma pambali pa siginecha ndinalemba kuti ndikusainira kulandira kalata, osati kuvomereza zonse zimene zalembedwamo.

Pali malo atatu amene kalatayi ikusiyana ndi zimene ndili nazo. Choyamba, mawu akuti sindinadziwitse aliyense sakugwirizana ndi foni ya 6:55 ndi uthenga wa 6:58, zomwe zikadali mufoni yanga. Kaya uthengawo unawerengedwa nthawi yanji, zimenezo a supavaiza ndi amene angafotokoze. Ine ndikungonena nthawi imene unatumizidwa. Chachiwiri, gawo 6.2 la buku lathu limati shifiti ikasinthidwa, wogwira ntchito adziwitsidwe kutatsala maola 24, kupatula pakagwa zadzidzidzi, ndipo pamenepo aimbiridwe foni. Kuchokera 9:47 usiku kufika 7 koloko m'mawa ndi maola 9 ndi mphindi 13, ndipo mufoni yanga mulibe chosonyeza kuti anandiimbira usiku umenewo. Chachitatu, gawo 9.3 limati munthu asanapatsidwe chenjezo lolembedwa aitanidwe kuti anene mbali yake. Pakati pa 12 ndi 15 Meyi sindinaitanidwe kumsonkhano woterowo.

Kuti mukhale ndi chithunzi chonse, ndinenenso za mbali yanga. Lolemba pa 3 Febuluwale chaka chino ndinachedwa ndi mphindi 20 popanda chifukwa chomveka. A supavaiza anandichenjeza pakamwa, ndipo ndinavomera kuti ndinalakwa. Kuchokera tsiku limenelo mpaka pa 9 Meyi, zolembedwa ndi makina apageti zisonyeza kuti sindinachedweponso. Komanso ndi zoona kuti pagulu lija nthawi zina pamabwera mauthenga a ntchito madzulo. Ndikadayang'ana foni ndisanagone mochedwerapo, mwina ndikanauwona. Koma sindinauzidwepo, pakamwa kapena polemba, kuti tsiku limene sindili pantchito ndizikhala tcheru ndi foni mpaka nthawi yakutiyakuti. Ngati lamulo loterolo lilipo, ndingakonde kuliona kuti ndizilitsatira.

Chenjezoli likundidetsa nkhawa pa chifukwa chodziwika. Gawo 8.4 limati amene ali ndi chenjezo lolembedwa lomwe nthawi yake sinathe sangafunsire udindo wapamwamba. Malo a wachiwiri kwa woyang'anira nyumba yosungiramo katundu analengezedwa pa 5 Meyi, ndipo kulandira makalata kutsekedwa pa 6 Juni. Ndinali nditayamba kale kukonza kalata yanga. Sindikunena kuti zinthu ziwirizi zikukhudzana mwadala. Ndikungofotokoza chifukwa chake nthawi ili yofunika kwa ine.

Nkhani yachiwiri ndi ya manambala basi.

Loweruka pa 15 Malichi ndi Loweruka pa 29 Malichi tinali ndi kuwerenga katundu yense, ndipo tsiku lililonse ndinagwira maola 6. Lachiwiri pa 8 Epulo ndinatsalira maola 3 podikira lole yochedwa, ndipo Lachinayi pa 10 Epulo ndinatsalira maola 2. Onse pamodzi ndi maola 17. Masiku onsewa ndinadzaza fomu ya ovataimu n'kuipereka kwa a supavaiza tsiku la ntchito lotsatira, ndipo ndili ndi zithunzi za mafomu anayi onsewo. Atatu akuoneka ndi siginecha yawo. Ya pa 10 Epulo ndinaijambula asanasaine chifukwa anali kumsonkhano, ndipo ndinaisiya m'thireyi ya patebulo pawo.

Mmene ndimadziwira, fomu ikafika kuofesi ya malipiro pasanafike pa 20, maolawo amalipidwa kumapeto kwa mwezi womwewo. Pepala langa la malipiro a Malichi lilibe ovataimu iliyonse. La Epulo lili ndi maola 6, koma silikusonyeza kuti ndi a tsiku liti. Otsala ndi maola 11. Palinso maola 4 a pa 24 Epulo, koma amenewo sindinawaphatikize pano chifukwa fomu yake inapita pa 20 patadutsa, ndiye ayenera kubwera ndi malipiro a Meyi.

Nkhani ya maolayi ndinayesa kuithetsa popanda kufika kwa inu. Pa 2 Epulo ndinafunsa a supavaiza pakamwa za maola a pa 15 Malichi, ndipo anati afufuza. Pa 2 Meyi ndinapita kuofesi ya malipiro, komwe anandiuza kuti iwo amalipira potengera mafomu amene awafika, ndipo anali ndi fomu yanga imodzi yokha. Pa 6 Meyi ndinalembera a supavaiza imelo yofunsa za mafomu atatu otsalawo. Kufika lero sindinalandire yankho. Kumene mafomuwo anaima sindikukudziwa, ndipo sindikuloza chala aliyense. Mapepala athu amadutsa m'manja mwambiri asanafike kwa olipira, ndiye akhoza kukhala paliponse panjirayo.

Zimene ndikupempha ndi izi.

Kalata yochenjeza ya pa 15 Meyi iunikidwenso ndi munthu amene sanatengepo mbali poilemba, ndipo ndipatsidwe mwayi wonena mbali yanga monga gawo 9.3 likunenera. Zikapezeka kuti ndondomeko sinatsatidwe, kapena kuti mawu akuti "osadziwitsa aliyense" si olondola, ndikupempha kuti kalatayo ichotsedwe m'fayilo yanga ndipo ndidziwitsidwe polemba. Ngati kuunikako sikungathe pasanafike pa 6 Juni, ndikupempha chilolezo choti ndiperekebe kalata yanga yofunsira udindo uja, ndipo iganiziridwe potengera zotsatira za dandauloli.

Pankhani ya ovataimu, ndikupempha kuti zithunzi za mafomu anga ziyerekezedwe ndi zolembedwa ndi makina apageti a masiku anayi aja. Maola amene atsimikizike alipidwe pamodzi ndi malipiro a Meyi, kapena a Juni ngati a Meyi atsekedwa kale. Mukapeza kuti kuwerenga kwanga kwaphonya penapake, mundisonyeze pamene ndalakwitsa ndipo ndivomera.

Pomaliza, zingatithandize tonse a m'nthambi yathu, kuphatikizapo a supavaiza, titauzidwa polemba njira yoyenera yodziwitsirana shifiti ikasintha usiku kapena tsiku lopuma. Malole ofika mosayembekezereka sadzatha, ndipo ine ndine wokonzeka kulowa m'mamawa nthawi iliyonse imene ndadziwitsidwa.

Pa imelo ino ndaphatikiza chithunzi cha ndandanda ya pa 9 Meyi, zithunzi za uthenga wa 9:47 ndi wa 6:58 pamodzi ndi foni ya 6:55, kalata yochenjeza, zithunzi za mafomu anayi, mapepala a malipiro a Malichi ndi Epulo, komanso imelo yanga ya pa 6 Meyi. Mayina a anzathu atatu aja sindinawalembe muno chifukwa sindinawapemphe kaye; mukawafuna ndidzakupatsani pamsonkhano.

Gawo 11.2 limati dandaulo livomerezedwe kuti lalandiridwa pasanathe masiku 5 a ntchito, ndipo limandilola kubwera ndi mnzanga mmodzi wa pantchito kumsonkhano. Ndikufuna kugwiritsa ntchito mwayi umenewu. Sabata ino ndikulowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 4 koloko madzulo, ndipo ndingapezeke tsiku lililonse kupatula Lachitatu m'mawa, pamene tikuyembekeza malole awiri. Ndikupemphanso kuti nkhaniyi idziwike kwa okhawo amene akuyenera kuiunika. A supavaiza ndawadziwitsa lero m'mawa kuti ndikupereka dandauloli, kuti asamve kwa ena, ndipo ntchito tikugwira limodzi monga mwa masiku onse.

Zikomo kwambiri chifukwa chowerenga kalatayi.

Ine wanu pantchito,
Kalaliki wolandira katundu
Nyumba yosungiramo katundu
Nambala ya ntchito 0472