Zokonzekera mayeso oyamba a kutsatsa malonda: kugawa msika, kusankha ogula ndi zida zinayi

Mayeso a Lachisanu adzatenga mphindi 60 ndipo ali ndi malikisi 40. Malikisi 25 ali pa funso limodzi lalitali, pomwe mudzapatsidwa kampani yongopeka n'kufunsidwa kuti igulitse kwa yani, ndiponso motani. Amene wangoloweza matanthauzo amagwa pafunso limeneli, chifukwa chomwe tikufuna kuona n'chakuti zonse mwalemba zikuloza wogula mmodzimodzi.

Kugawa msika ndi kupatula ogula m'magulu a anthu ofanana zosowa. Wendell Smith ndiye anafotokoza ganizoli momveka mu 1956. Mutha kugawa potengera malo omwe anthu amakhala. Zaka, ndalama, maphunziro kapena kukula kwa banja. Moyo ndi zokonda zawo. Kapenanso khalidwe lawo pogula, monga kuchuluka kwa zomwe amagula, nthawi yomwe amagula ndi phindu lomwe amalifuna pakatunduyo. Ophunzira ambiri amathamangira zaka poti n'zosavuta kuwerenga. Komatu anthu awiri a zaka 30 atha kufuna nsapato zosiyana kotheratu, wina yothamangira, wina yoimirira nayo tsiku lonse kuntchito. Phatikizani njira ziwiri, ndipo imodzi ikhale ya khalidwe.

Si gulu lililonse loyenera kulitsata. Liyenera kuwerengeka, likhale lalikulu mokwanira kubweretsa phindu, lifikirike, lisiyane ndi magulu ena pa momwe limalandirira malonda, ndipo kampani ikhale ndi mphamvu zolitumikira. Magulu awiri akamakopeka ndi mtengo umodzi ndi uthenga umodzi, limenelo ndi gulu limodzi, musaligawe.

Posankha gulu, werengetserani. Tinene kuti kampani yaing'ono ya nsapato yapeza magulu awiri. Loyamba ndi othamanga 40,000 omwe amagula mapeyala awiri pachaka, ndipo kampaniyo ingathe kutenga 5 peresenti ya msikawo: 40,000 × 2 × 0.05 = mapeyala 4,000. Lachiwiri ndi anthu 200,000 ogula peyala imodzi pachaka, koma makampani akuluakulu anakhazikikamo kale, moti ingapezemo 1 peresenti yokha: mapeyala 2,000. Gulu lalikulu kasanu likupereka theka la malonda a gulu loyamba. Onetsani masamu onsewa papepala, chifukwa njira ili ndi malikisi ake ngakhale yankho litaphonyeka.

Kenako tchulani njira yomwe mwasankha. Kampani itha kupereka chinthu chimodzi kwa onse, kukonzera gulu lililonse zakezake, kulimbikira gulu limodzi, kapena kukonzera kasitomala aliyense payekha. Kampani yathuyi ikuyenera kulimbikira gulu limodzi popeza ndalama zake n'zochepa, koma nenaninso kuopsa kwake: othamanga akasintha zokonda kapena kampani yaikulu ikalowerera, ilibe kwina kothawira. Musaiwale chiganizo chimodzi chonena malo omwe mukufuna kukhala nawo m'maganizo mwa wogula, monga "nsapato yopepuka ya othamanga mitunda italiitali".

Zida zinayi ndi katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi kulengeza. Jerome McCarthy anaziika pamodzi mu 1960, ndipo m'Chingerezi mawu onse anayi amayamba ndi P. Mu 1981 Booms ndi Bitner anawonjezapo zitatu, zokhudza ntchito zothandiza anthu: ogwira ntchito, ndondomeko ndi zooneka ndi maso. Zitatuzi zili ndi malikisi atatu okha.

Pa katundu, musaime pa chinthu chenichenicho. Dzina, mapakidwe ndi lonjezo lobweza chikawonongeka zilinso momwemo. Pa mtengo, siyanitsani kuyamba ndi mtengo wokwera n'kumatsitsa pang'onopang'ono ndi kuyamba motsika kuti mulande msika msanga. Njira yoyamba imagwira ngati katunduyo ndi watsopano ndipo opikisana nanu sangamutengere msanga, pamene yachiwiri imafuna kampani yotha kupanga zambiri motchipa. Malo akhoza kukhala paliponse pomwe pali sitolo, masitolo osankhidwa, kapena wogulitsa mmodzi yekha m'dera. Kulengeza si kutsatsa pawailesi kokha ayi: mulinso kutsitsa mitengo kwa kanthawi, kugulitsa pamaso ndi pamaso, kusamala mbiri ya kampani ndi kutumizira ogula uthenga mwachindunji.

Malikisi ambiri amatayika zida zikamatsutsana. Wina amasankha othamanga, amaika mtengo wokwera, kenako n'kulemba kuti nsapatoyo igulitsidwe m'sitolo iliyonse ndi kutsitsidwa mtengo mwezi ndi mwezi. Wogula akaona choncho amasiya kukhulupirira kuti nsapatoyo ndi yapamwamba, ndipo amangodikira tsiku lotsitsa. Choyenera ndi masitolo ochepa a zamasewera, ogulitsa odziwa kuyeza phazi, ndi kulengeza pamipikisano yothamanga. Pansi pa chida chilichonse lembani chiganizo choyamba ndi "chifukwa othamanga...". Mukalephera kuchimaliza, fufutani ganizolo, mupeze lina.

Funso lalitalili lipatseni mphindi 35, ndipo zisanu zoyambirira zikhale zojambula magulu ndi masamu musanayambe kulemba yankho.